Sitebilaiza ku firiza, yupiyesi ku kompyuta: momwe tinakonzera shopu ya alamu anga pa Mangochi

Alamu anga ali ndi kashopu pafupi ndi msika wa pa boma pano pa Mangochi. Kutsogolo amataipira anthu makalata ndi kuwasindikizira mapepala, kuseri kuli firiza yomwe amasungamo chambo ndi madzi oundana ogulitsa kwa ogula nsomba. Kompuresa ya firizayo, mota yomwe imapopa mpweya wozizitsa, itapsa, anandiimbira foni nati, "Alamu, mundipezere yupiyesi yaikulu, ndilumikizepo zonse, ndatopa." Ndinawakaniza. Akanagula bokosi lodulalo, bwenzi firiza yatsopanoyo ikuvutikabe ndipo yupiyesiyo ikanafa mwezi usanathe.

Mavuto a magetsi omwe timangowatchula pamodzi ndi awiri. Pali kuthima, pomwe magetsi achokeratu. Ndiye pali kufooka, pomwe magetsi alipo koma mababu akuyaka ngati koloboyi ndipo fani ikuzungulira mwaulesi. Sitebilaiza ndi ya kufookako. M'kati mwake muli tilansifoma yomwe imakweza mavoliti akatsika, n'kuwatsitsa akakwera, koma mulibe batire, ndiye magetsi akathima nayonso imathima. Yupiyesi, yomwe pa katoni amalemba kuti UPS, ili ndi batire ndipo imalanda ntchito msangamsanga magetsi akangochoka, moti kompyuta siizima. Koma batire yake ndi ya mphindi, si ya maola.

Yezani musanagule

Magetsi omwe ESCOM imagawa m'nyumba ndi a mavoliti 230. Zipangizo zambiri zimagwira bwino pakati pa 207 ndi 253, kutanthauza 23 pansi kapena pamwamba pa 230. Musanapite kusitolo mukuyenera kudziwa kuti pa soketi yanu pamafika angati, makamaka pa nthawi yoipitsitsa.

Chophweka ndi kamita kongolowetsa pa soketi ngati chaja, kokhala ndi manambala owala. Ngati muli ndi malitimita, iikeni pa chizindikiro cha V~ pa 600 kapena 750, koma dziwani kuti masoketi athu a mapini atatu ali ndi zitseko m'kati, ndipo kukankha zitsekozo ndi msomali ndiye komwe anthu amagwidwira ndi magetsi. Ngati simunazolowere, itanani wodziwa. Yezani m'mawa, masana, ndi madzulo pakati pa 6 ndi 8 koloko pomwe anthu onse abwerera kunyumba ndipo mbaula zayaka. Chitani zimenezi masiku atatu, mukulemba m'kope.

Kwa alamu anga kope linaonetsa 224 m'mawa, 215 masana, ndipo madzulo manambala ankasewera pakati pa 172 ndi 185. Apa ndi pomwe panafera kompuresa. Mota ikalandira mavoliti ochepa siipuma ayi, imakoka mphamvu yambiri kuti ikwanitse ntchito yomweyo, mawaya ake a m'kati n'kumatentha. Ikafuna kudzuka pa 172 imalephera. Mumamva kung'ung'udza kwa masekondi angapo, kenako kaphokoso koti "tche", bata, ndipo pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri iyambanso. Kaphokosoko ndi kachitetezo ka kompuresa kakudula magetsi chifukwa cha kutentha. Mukamva nyimbo imeneyi, zimitsani firiza pa khoma nthawi yomweyo.

Pali kuyeza kwina komwe ambiri amadumpha, koma kumatha kukupulumutsirani ndalama. Mukuyang'ana mita, wina ayatse ketulo kapena ayironi m'nyumba momwemo. Kutsika kwa mavoliti atatu kapena asanu si nkhani. Akagwa ndi 15 kapena 20, kayezeni kwa aneba pa ola lomwelo. Ngati kwa anebawo kuli bwino, vuto lili kwanu: waya woonda, waya wautali wokokedwa kuchokera kunyumba yaikulu kupita ku kashopu, kapena polumikizira pomwe pachita dzimbiri. Kuno kunyanja chinyontho chimadya zolumikizira msanga. Zikatero konzetsani waya, chifukwa sitebilaiza yoikidwa kumapeto kwa waya woonda imakoka mphamvu yochulukirapo ndipo wayayo amatentha kuposa kale.

China choopsa: mukaona mababu ena akuwala mopitirira pomwe ena akufooka, kapena mita ikudumpha kufika 270 ndi kupitirira, kawirikawiri ndi waya wa nyutiro, wobwererapo magetsi, womwe wamasuka. Zimitsani swichi yaikulu, mukanene ku ofesi ya magetsi. Imeneyi si ntchito ya sitebilaiza.

Firiza: kusankha sitebilaiza

Kuseri kwa firiji kapena firiza iliyonse kuli kachikwangwani. Pezani nambala yomwe ili ndi A kumapeto. Ya alamu anga inalembedwa 0.9A. Chulukitsani ndi mavoliti kuti mupeze ma VA, muyeso womwe amagulitsira masitebilaiza:

```
230 x 0.9 = 207 VA
207 x 5 = 1035 VA
```

Mzere wachiwiriwo ndi wa podzuka. Kompuresa ikamayamba imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa yomwe imagwiritsa ntchito ikamayenda, ndipo ine ndimawerengera kasanu. Zimatenga sekondi imodzi yokha, koma sitebilaiza yaing'ono imagonja pa sekondi yomweyo.

Ndiye wina anganene kuti ya 1000VA yakwana, poti yangoperewera pang'ono. Ikanakwana magetsi akanamalowa 220. Koma nambala yolembedwa kutsogolo kwa bokosi ndi ya nthawi yomwe magetsi olowa ali pafupi ndi mlingo wake. Akatsika kufika cha m'ma 170, sitebilaiza imatha kunyamula gawo chabe la katundu wolembedwayo, ndipo timabuku ta masitebilaiza ambiri timajambula mzere woonetsa kutsikako. Poti ife timaigulira nthawi yoipayo, tinatenga ya 2000VA. Ya 1500VA ikanayesetsa, koma alamu ankaganiza zodzawonjezera kafiriji ka zakumwa.

Musitolo yang'anani zinthu zitatu pa katoni. Choyamba ndi malire a magetsi olowa, omwe amalemba pa mawu oti Input, mwachitsanzo 140V mpaka 260V. Nambala yotsikitsitsa ya m'kope lanu ikhale m'kati mwa malirewo, osati m'mphepete. Chachiwiri ndi batani lolembedwa Delay. Chachitatu, inyamuleni. Sitebilaiza ya 2000VA ili ndi tilansifoma ya chitsulo ndi waya wambiri, ndiye imalemera. Ikapepuka ngati wayilesi, nambala yolembedwayo ndi yokometsera chabe.

Batani la Delay lija ndi lofunika mwina kuposa china chilichonse. Pa masitebilaiza ambiri limasankha pakati pa kudikira masekondi ochepa ndi kudikira mphindi zitatu magetsi akabwera. Pa firiji sankhani mphindi zitatu. Chifukwa chake n'chakuti kompuresa ikaima, mpweya wozizitsa umakhala utapanikizika mbali imodzi ya mapaipi, ndipo umafuna mphindi zingapo kuti ufalikire. Magetsi akangophethira, kuthima n'kubweranso pompo, kompuresa imafuna kudzuka ikukankhana ndi mpweya wopanikizikawo, ngati munthu woyamba kupalasa njinga ya kabaza pakati pa chitunda atanyamula matumba awiri a chimanga. Imakanika, n'kutentha. Kuphethira kotereku kumachuluka nthawi ya mvula ndi mphepo.

Ngati kope lanu laonetsa kuti mavoliti satsika pansi pa 200 ndipo vuto ndi kuthimathima kokha, simukusowa sitebilaiza. Gulani kachipangizo kotchipa kotchedwa firiji gadi. Iko sikakweza mavoliti, kamangodula magetsi akatsika kapena akakwera mopitirira, n'kudikira mphindi zingapo kasanawabwezere. Kwa alamu anga gadi yekha sakanathandiza, chifukwa bwenzi akuzimitsa firiza madzulo alionse kwa maola awiri kapena atatu, chambo n'kumasungunuka.

Kulumikiza kwake n'kosavuta. Sitebilaiza ilowe pa soketi ya pakhoma yokha, osati pa ekisitenshoni. Firiza ilowe mu sitebilaiza. Sitebilaizayo iikeni pa shelefu kapena pa thabwa, osati pansi pomwe pamayenda madzi a nsomba, ndipo musaike kanthu pamwamba pake. Mukaiyatsa madzulo mudzamva ikulira "tcheke, tcheke" nthawi ndi nthawi. Ndi maswichi a m'kati akusintha polumikizira pa tilansifoma, si vuto. Manambala a mbali ya Output azikhala pakati pa 200 ndi 240. Kulirako kukakhala kosalekeza, kangapo pa sekondi, onani ngati pulagi yagwira bwino pakhoma ndipo igwireni kumva ngati yatentha.

Kompyuta: kusankha yupiyesi

Kompyuta ilibe mantha kwenikweni ndi mavoliti ochepa pang'ono. Chomwe imaopa ndi kuzima mwadzidzidzi ili pakati polemba pa disiki. Kalata ya kasitomala imatayika, ndipo zikachitika kawirikawiri tsiku lina imakana kuyaka. Laputopu ili ndi batire yakeyake, ndiye ngati mumagwiritsa ntchito laputopu yokha, gawo lino silikukhudzani kupatula za rauta.

Tinawerengera mawati a zomwe ziyenera kukhala zoyaka magetsi akathima. Bokosi la kompyuta tinaliika pa 150, sikirini 30, rauta 12. Pamodzi 192. Timawonjezerapo malo opumira, tinene 250. Tsono mayupiyesi nawonso amagulitsidwa mu ma VA, ndipo pa ang'onoang'ono otchipawa mawati enieni amakhala pafupifupi magawo 6 mwa 10 a nambala ya VA:

```
650 VA x 0.6 = 390 W
```

Ena a 650VA amalemba 360W. Mulimonsemo 250 ikulowamo bwino, ndiye tinatenga ya 650VA. Sankhani yomwe pa katoni palembedwa AVR. Imeneyo ili ndi kasitebilaiza kake m'kati, moti mavoliti akatsika pang'ono imawakweza popanda kugwiritsa ntchito batire. Yopanda AVR imathawira ku batire nthawi iliyonse magetsi akafooka, ndipo pa malo ngati a alamu anga batire ikanamatha madzulo alionse magetsi ali chiyakire.

Alamu atafunsa kuti, "Nanga idzandisunga maola angati?" ndinawatembenuzira bokosilo kuwaonetsa komwe kumakhala batire. Mu yupiyesi ya msinkhu uwu mumakhala batire imodzi ya 12V 7Ah, yokula ngati njerwa yaing'ono.

```
12 V x 7 Ah = 84 Wh
```

Pa pepala ndiye kuti ingathe kupereka mawati 84 kwa ola limodzi. Koma batire ya mtovu ikamakokedwa mwamphamvu imapereka zosakwana theka la zomwe zalembedwa, ndipo mphamvu ina imathera m'kutembenuza magetsi a batire kukhala a 230. Pa katundu wa mawati 192 muyembekezere mphindi zisanu mpaka khumi batire ikadali yatsopano. Ntchito ya mphindi zimenezi ndi kusunga zomwe mumalemba ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Wofuna kugwira ntchito maola anayi magetsi kulibe akufunika invata yokhala ndi batire zikuluzikulu, kapena sola.

Pulinta ya leza isalowe mu yupiyesi. Iyo imamatiza inki ya ufa pa pepala ndi chitsulo chotentha, ndipo potenthetsa chitsulocho imakoka mawati mazanamazana mwadzidzidzi. Yupiyesi ya 650VA imalira mosalekeza n'kuzima, kompyuta yomwe mumaiteteza ija n'kuzimira limodzi. Pulinta ya inki yamadzi imadya pang'ono, ingalowe. Fotokope, ketulo, ayironi, firiji, zonsezi ayi. Mafani nawonso sagwirizana ndi mayupiyesi otchipa, chifukwa magetsi omwe amatulutsa pa batire si osalala ngati a pakhoma, ndipo mota imang'ung'udza ndi kutentha.

Mukafika nayo kunyumba chitani motere. Ilumikizeni pakhoma popanda katundu aliyense, muisiye itchaje maola asanu ndi atatu kapena usiku wonse. M'mawa lowetsani kompyuta, sikirini ndi rauta. Yang'anitsitsani kuseri, chifukwa mayupiyesi ena ali ndi masoketi a mitundu iwiri: olembedwa Battery Backup ndi olembedwa Surge Only. Achiwiriwa alibe batire, ndipo ndaonapo anthu akubweza yupiyesi kusitolo kuti ndi yakufa pomwe anangolowetsa kompyuta polakwika. Kenako yesani. Yatsani zonse, musatsegule ntchito yofunika, ndipo zimitsani swichi ya pakhoma. Musazule pulagi, chifukwa pini yaitali ija ndi ya waya wa eti, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ndipo mukazula mwachotsanso chitetezo chimenecho. Yang'anani wotchi. Poyamba yupiyesi imalira pang'onopang'ono, kamodzi pa masekondi angapo. Ikayamba kulira mofulumira ndiye kuti batire yatsala pang'ono, yatsaninso swichi. Lembani mphindi zomwe yatenga. Ya alamu inatenga zisanu ndi zitatu.

Nambala imeneyi muisunge, chifukwa ndi yomwe idzakuuzeni za umoyo wa batire. Bwerezani kuyesaku pakatha miyezi itatu iliyonse. Mphindi zikadzatsika kufika theka la zoyambazo, yambani kufunafuna batire ina. Yupiyesi ya batire yakufa imaoneka yabwinobwino, nyali yobiriwira ili chiyakire, mpaka tsiku lomwe magetsi athima ndipo kompyuta yazima nthawi yomweyo.

Ngati mavoliti kwanu amatsika kupyola pomwe AVR ya yupiyesi ingakwanitse, mudzadziwa chifukwa idzayamba kulira mababu ali chiyakire. Pamenepo ikani sitebilaiza patsogolo pake: khoma, sitebilaiza, yupiyesi, kompyuta. Osatembenuza ndondomekoyi. Ndipo isakhale sitebilaiza yomwe ili ndi firiza ija, chifukwa kompuresa ikamadzuka imagwetsa mavoliti a zonse zomwe zalumikizidwa nayo, kuwonjezera apo kudikira kwa mphindi zitatu kuja kungamadye batire ya yupiyesi pachabe.

Kutentha kwa kuno

Apa ndi pomwe ife a kunyanja timasiyana ndi anzathu a ku Dedza kapena ku Mzuzu. Opanga mabatirewa akamati amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, amawerengera malo a madigiri 20 mpaka 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wa batire umadulidwa pakati. Mu Okutobala ndi Novembala, kashopu ka malata kopanda siling'i pa Mangochi pano, ku Makawa kapena ku Monkey Bay kamapitirira madigiri 35 masana. Batire yotha chaka chimodzi ndi theka m'malo otere sikuti munagula yabodza, yangopsa.

Alamu anga poyamba anaika yupiyesi pansi pa tebulo, pakona, kuseri kwa makatoni a mapepala, cha pafupi ndi mbali ya firiza yomwe imatulutsa kutentha. Tinaisamutsira pa shelefu ya khoma lomwe siliombedwa ndi dzuwa la masana, n'kusiya mpata wa chikhatho mbali zonse. Kansalu kokongoletsa komwe anafunditsa pamwamba kuopa fumbi tinakachotsa. Fumbi mungalipukute Loweruka lililonse.

Chachiwiri chomwe chimapha batire ndi kuikama mpaka izime yokha. Magetsi akathima, anthu amapitiriza kutaipa mpaka yupiyesi itasiya kulira. Batire ya mtovu ikamatheratu chonchi mobwerezabwereza imafooka msanga, ndipo ikakhala maola ambiri ili yopanda kanthu imawonongekeratu. Mukazimitsa kompyuta, zimitsaninso batani la yupiyesiyo, chifukwa iyo payokha imadya batire ngakhale palibe cholumikizidwa. Pulagi isiyeni pakhoma, popeza mayupiyesi ambiri amatchaja ngakhale batani lili lozimitsa.

Za rauta, ngati mukufuna intaneti ikhalepo nthawi yonse ya kuthima, pali timayupiyesi ting'onoting'ono topangidwira marauta, totulutsa 9V kapena 12V mwachindunji popanda kudutsa pa 230. Timasunga rauta maola angapo. Werengani pa chaja ya rauta yanu kuti mudziwe mavoliti ake musanagule.

Pali nzeru ina yomwe yafala, yochotsa kabatire ka m'kati n'kulumikiza batire ya galimoto kuti yupiyesi ikhalitse. Imayaka ndithu, koma sindiilimbikitsa. Yupiyesi yaing'ono ilibe fani ndipo inapangidwa kuti igwire ntchito mphindi zochepa batire n'kutha isanatenthe kwambiri. Mukaigwiritsa ola lathunthu, tilansifoma yake imatentha mpaka kusungunula pulasitiki. Chaja yake nayo ndi yofooka, yosakwana ampu imodzi, moti kudzaza batire ya 70Ah kungatenge masiku atatu kapena kupitirira. Komanso batire ya galimoto ikamatchaja imatulutsa mpweya woyaka, m'kachipinda komwe muli mapepala.

Mvula ikayamba cha mu Novembala ndipo ziphaliwali zikung'anima cha ku mapiri a Namwera, musadalire bokosi lililonse mwa awiriwa. Amatha kumeza kudumpha kwa magetsi kwapang'ono, koma mphenzi yogwera pa waya wapafupi imadutsa. Zulani mapulagi a kompyuta, rauta ndi yupiyesi yomwe mpaka mabingu atapita.

Nthawi yosintha batire ikafika, simukusowa kugula yupiyesi yatsopano. Zimitsani, zulani pakhoma, ndipo tsegulani kachitseko ka batire. Ngati mtundu wanu ulibe kachitseko ndipo mpofunika kumasula bokosi lonse, perekani kwa amisiri, chifukwa m'kati muli tizipangizo tosunga magetsi ngakhale mutazula pulagi. Vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Chotsani waya wakuda, kenako wofiira. Batire yotupa m'mbali kapena yochita ufa woyera pa mitu yake ndi yotha, musayese kuitchajanso. Yatsopano ikhale ya mavoliti omwewo ndi msinkhu womwewo, ndipo muiyeze musitolo momwemo musanalipire: yabwino imaonetsa 12.6 kapena kupitirira pang'ono, pomwe yoonetsa pansi pa 12.2 yakhalitsa pa shelefu ndipo yayamba kale kuwonongeka. Polumikiza, wofiira apite pa +, wakuda pa −, ndipo kamoto kakang'ono kothetheka pogunditsa waya womaliza n'kachizolowezi. Yakaleyo musaitaye kudzala kapena kumtsinje wa Shire, muli mtovu ndi asidi, ipititseni kwa ogula mabatire akutha.

Pa batire ya alamu anga tinamatapo kapepala, n'kulembapo tsiku lomwe tinaiika ndi mphindi zisanu ndi zitatu zija. Kope la mavoliti likulendewerabe pa msomali pafupi ndi mita, ndipo mwana wawo wamkulu ndi amene amalembamo nambala ya madzulo akabwera kusukulu.